Mano a Bambo Anapitirira ndi Basi

Bambo anatsika basi atatseka pakamwa ndi chipewa. Chikwama chawo chinali chitasowa, ndipo mano awo oikirira anali m'chikwamamo, atakulungidwa mu sokosi. Akuti msewu unali wa mabampu, ndiye basi itaima popumira anawavula kuopa kuwameza. Loweruka lake mkulu wanga amakwatiwa, ndipo Bambo ndi amene amayenera kuyankhula pamaso pa anthu onse. Popanda mano, mawu awo amatuluka ngati mpweya wa tayala lobooka.

Ku ofesi ya kampani ya basi, kalaliki anati tilembe kalata yodandaula: tsiku la ulendo, nambala ya tikiti, nambala ya kapepala kamene anamata pachikwama, ndi katundu yense ndi mitengo yake. Malisiti ngati alipo tiphatikize.

Titafika kunyumba tinakhala patebulo, cholembera chili kwa ine poti ndimalemba zowerengeka.

"Choyamba mano," ndinatero.

Bambo anamenya tebulo. Amayi, omwe okha amamva chiyankhulo chatsopanochi, anamasulira: "Akuti olo afe. Kalata imadutsa m'manja ambiri."

Apa m'pamene malume analowerera. Malume anga ndi munthu woti akamva kuti kwinakwake kuli chipukuta misozi, amayamba kulira asanafunse amene wamwalira.

"Iwe lemba suti ziwiri, fote sauzande iliyonse. Nsapato zachikopa. Wailesi."

"Malume, munali malaya atatu ndi thaulo."

"Kampani ili ndi mabasi angati? Lemba!"

Azakhali anawonjezera makina osokera. Amayi, amene sindinawamvepo akunama, anayang'ana kudenga n'kunena motsitsa kuti mwina munalinso mapoto. Pofika kumapeto, chikwama chomwe kapepala kake kamati makilo naini chinali chitanyamula matiresi. Zinandinyansa, koma ndinalemba. Mano okha ndiwo sanalembedwe.

Lachisanu anatiimbira kuti chikwama chapezeka, chinapitirira ndi basi mpaka kumalekezero a ulendo. Tinapita ine, Bambo ndi mkwatibwi, tsitsi lake lili theka lomanga. Malume anadwala mutu mwadzidzidzi.

Chikwama chinali pakauntala, kapepala kake katathothoka, kwatsala ulusi wokha. Kalaliki anachitsekula, kalata yathu ili kudzanja linalo, n'kuyamba kuwerenga mokweza ngati akuitana mayina m'kalasi.

"Suti ziwiri." Anasuzumira. "Palibe. Wailesi, palibe. Matiresi." Anakweza thaulo n'kuyang'ana pansi pake, osaseka n'komwe. "Pepani bambo, takuvutitsani. Chikwamachi si chanu."

"Ndi chathu!" anakuwa mkwatibwi. "Chogwiriracho ndinasoka ndine!"

"Chemwali, kapepala kachoka. Zikatere timayendera kalata, ndipo palibe chimene chikugwirizana. Chanu tipitiriza kufufuza. Chikapanda kupezeka mudzalandira kandalama kamene kalembedwa kuseri kwa tikiti, poti malisiti mulibe. Zimatenga mwezi."

Akubweza zinthu, sokosi inagwa n'kulira kuti khwa. Mano anagubuduzika mpaka pafupi ndi chidindo, n'kuima akutisekerera. Pamzere wa anthu kumbuyo kwathu, mayi wina amene anataya mwana wa mbuzi anasendera pafupi kuti aone bwino.

"Mwaonatu," anatero kalaliki. "Mwini wake ndi munthu wopanda mano. Inu simunalembe za mano."

Ndinawamvera chisoni Bambo. Munthu amene ngakhale ife ana ake sitinamuonepo akuvula mano, amachita kutseka chitseko cha kubafa ndi kiyi. Anayang'ana mzere, anayang'ana mkwatibwi, kenako anachotsa chipewa pakamwa n'kuchiika pakauntala. Anatsegula kukamwa kuti kalaliki aone bwinobwino.

Kalaliki anaunika ndi foni. "Opanda mano ndi ambiri, bambo. Ayeseni. Akakwana, tiwonjezera pakalata, matiresi tifufuta, musainira."

Bambo anawapukuta ndi thaulo lija n'kuwalowetsa. Analira kuti kha, ngati chivindikiro chapeza poto wake. Wina kumbuyo anayamba kuwomba m'manja, mayi wa mbuzi n'kumugunda ndi chigongono.

"Akwana," anatero kalaliki, cholembera chili m'mwamba. "Mtengo wake?"

Bambo sanamumve. Anali atatembenukira kwa mkwatibwi, akuyendetsa nsagwada pang'onopang'ono.

"Mwana wanga," anatero, mawu onse akumveka. "Mwana wanga, pamene unabadwa..."

"Bambo, zimenezo ndi zamawa," anatero mkulu wanga, misozi ikutsika.

"Ndisiye ndiyeserere."

Anayankhula mawu onse a ukwati pomwepo, kuyambira kubadwa mpaka malangizo kwa mkamwini. Palibe pamzere amene anadandaula. Kalaliki anadikira, malo a mtengo ali osalemba.