Phala la m'fulasiki

Luckness ankatola thonje pa ganyu m'munda wa Amake Kumbu, kwa Kalembo, chakumadzulo kwa msewu. Mundawo unali kutali ndi kwawo, choncho ankadzuka mbandakucha n'kuphika phala la mgaiwa la mwana wake Mtendere, yemwe anali ndi chaka ndi theka. Ankatsira nsinjiro ndi timkaka ta mbuzi, n'kuthira phalalo m'fulasiki. Fulasikiyo inali yakale, chotsekera chake chinang'ambika, ndipo ankachikulunga ndi pulasitiki kuti chigwire.

Tsiku limenelo Mtendere anadya pang'ono m'mawa n'kuyamba kukankha supuni. Luckness anayang'ana phala lotsala m'mbale, nsinjiro zili yandayanda, mtima unamukaniza kulitaya. Analikokota ndi supuni yomweyo n'kulibwezera m'fulasiki.

Dzuwa litapendeka, Kumbu, mwana wa mwini munda, anadzuka pansi pa mtengo wa msangu akulira ndi njala. Anali wamng'ono kwa Mtendere, ndiponso anali mwana yekhayo amene anatsala kwa mayi ake, awiri oyamba atamwalira ali makanda. Mayi akewo anali kutsidya kwa munda akuyeza matumba. Luckness anatsegula fulasiki. Phala linali lofunda ngati madzi oti akhala padzuwa. Analinunkhiza, analilawa, silinasase. Anam'khazika Kumbu pamwendo n'kumudyetsa, mwanayo n'kumaliza mbale yonse. Amake Kumbu atabwera anathokoza, akuseka kuti mwana wawo amakonda za eni.

Sanatole thonje nthawi yaitali. Kumbu anayamba kusanza. Anasanza kachiwiri, kachitatu, kenako m'mimba munatseguka. Mayi ake anamuika kubere koma akangoyamwa ankabweza. Mwana amene masana ankathamangitsa ziwala tsopano mutu unali lendelende paphewa, milomo gwa, maso atalowa m'kati.

Amake Kumbu sanakuwe. Anangotembenuka n'kumuyang'ana Luckness.

"Amake Mtendere, mwam'patsa chiyani mwana wanga?"

"Phala lomwe lija, mayi. Lomwe wadya wanga m'mawa."

"Nanga wanuyo bwanji ali bwinobwino?"

Amayi ena otola thonje anali ataima, aliyense thumba lili m'manja, ndipo Luckness anadziwa zomwe zidzakambidwe kumjigo mwanayu akapanda kudzuka.

Mwamwayi Elliam, mwamuna wa Luckness, anatulukira pa njinga kudzawatenga monga ankachitira. Anathamanga kumsewu kukaitana njinga yamoto. Luckness anam'patsa Mtendere ndi dengu lomwe munali fulasiki, n'kumuuza mofulumira kuti apite naye kunyumba, ndipo mwana akalira, phala lili m'fulasiki, angolitenthetsa am'patse. Ankaganiza kuti mwina Kumbu watola chinachake pansi n'kudya. Anakwera kumbuyo kwa Amake Kumbu, akuchirikiza mutu wa mwanayo kuti usamagwedezeke m'maenje.

Kuchipatala anam'landira Kumbu msanga. Namwino anatsina khungu la pamimba pa Kumbu, khungulo n'kutsala chiimire, osabwerera. Anayesa kum'mwetsa madzi a Thanzi ORS ndi supuni koma anasanzanso, ndiye anam'baya diripi padzanja. Akumata pulasitala, anafunsa chomwe mwana wadya, ndipo Luckness anafotokoza zonse: nthawi imene anaphika, mkaka, fulasiki yong'ambika, phala lobwezera.

Namwinoyo sanam'kalipire. Anamuuza kuti phala likachoka pamoto n'kukhala lofunda chabe, tizilombo timaswana mwachangu, makamaka muli mkaka ndi nsinjiro, ndipo maola awiri akadutsa si la mwananso ngakhale lisanunkhe. Lotsala m'mbale imene mwana wadyera ndilo loipa kwambiri, chifukwa supuni imabwerera ndi malovu. Limenelo n'lotaya basi.

"Ndikanalitenthetsa kaye," anatero Luckness.

"Iyayi mayi, osati limenelo. Phala losungidwa bwino, loziziritsidwa msanga n'kuikidwa mufiriji, mukhoza kulibwatitsa kamodzi mpaka kutokota konsekonse. Koma lotandala tsiku lonse lili lofunda, tizilombo tina timakhala tasiyamo kale poizoni, ndipo moto sumuchotsa. Kodi latha lonse?"

M'maganizo mwake Luckness anaona fulasiki ija ili m'dengu, pa keliyala ya njinga ya Elliam.

Anabwereka foni kwa mayi wina wodikirira wodwala n'kuimba. Foni ya Elliam inali yozima. Anaimbanso, zomwezo. Anatuluka osatsanzika, n'kupeza wa njinga yamoto uja akadali pachipata. Njira yonse ankangomumenya paphewa kuti afulumire, akupemphera mawu osamveka mutu wake. Chitenje chinamasuka, iye osachimanga.

Ali patali anaona utsi kukhitchini kwawo. Anadumpha njinga isanaime. Elliam anali pakhonde, Mtendere ali pamwendo, mbale ili m'manja, akuuzira supuni. Luckness anaimenya mbaleyo, n'kukagwera pafumbi. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

"Wadya zingati, bambo a Mtendere?"

Elliam anati masupuni awiri kapena atatu, chifukwa linali lotentha kwambiri ndipo anachedwa kuliziziritsa. Analibwatitsa ndithu, anatero, mpaka linatumphuka. Mkazi wake atam'fotokozera zomwe namwino ananena, Elliam anayang'ana supuni imene inali ikadali m'dzanja lake. Kenako anatenga khasu, n'kukokolola phala la pansi lija pamodzi ndi la mumphika, kukataya kuchimbudzi kuti nkhuku ndi galu zisalipeze.

Luckness anakhala pamphasa atam'fungatira Mtendere. Anam'yamwitsa, anasungunula Thanzi m'madzi owiritsa n'kuika pafupi. Mwana akatsokomola, ankam'yang'anitsitsa. Akageya, ankam'tsegula pakamwa. Ankam'tsina pamimba monga anachitira namwino, mpaka Elliam anam'gwira dzanja kuti amupweteka mwana. Chakumadzulo Mtendere anabweza pang'ono kamodzi, Luckness n'kuimirira kale kufuna nsalu yoberekera, koma mwanayo anatsika yekha n'kuyamba kulondola anapiye. Sanasanzenso.

M'mawa mwake anaphika phala latsopano, n'kulithira m'mbale yosaya, kuikhazika m'beseni la madzi ozizira uku akutakasa. Mtendere atakhuta, lotsalalo Luckness anadya yekha pomwepo. Kenako anam'bereka n'kuyamba ulendo wa kuchipatala wapansi, osadziwa chimene akapezeko. Pamene ankayandikira ankatchera khutu kuti amve ngati kukumveka maliro.

Anapeza Kumbu ali tsonga pabedi, diripi atachotsa, akuyamwa uku akukoka ndolo ya mayi ake. Maso anali atabwerera. Luckness anagwada pambali pa bedi, misozi ikungotsika, n'kupepesa. Amake Kumbu anati apongozi awo anabwera m'mamawa ndi mawu ambiri, ena oti kukaombezedwe, koma namwino anawakhazika pansi n'kuwafotokozera mpaka anamva.

"Inenso phala ndimasunga chimodzimodzi," anatero Amake Kumbu, osamuyang'ana. "Koma dzulo ndikanakhala ndi mpeni, sindikudziwa."

Luckness anangogwedeza mutu. Amake Kumbu anasendera pang'ono pabedipo n'kumuuza kuti akhale, pansi m'pozizira. Anatuluka onse masana, n'kukadikira galimoto pamthunzi wa mpanda, aliyense mwana wake kumsana, osalankhulana zambiri.