Mfundo Zitatu pa Bolodi la a Ndiyeno

Chimangirizo chinabwerera chopanda malikisi. Pamwamba pake panali mawu ofiira a mphunzitsi wa filosofi: "Mundipeze ku ofesi lero."

Chitsirizira anakhala pansi pa masitepe a laibulale. Dzinali linali la kunyumba, poti anali womaliza kubadwa, koma linamutsatira mpaka ku koleji. Filosofi anailephera kale chaka chatha. Akailepheranso, lamulo linali lodziwika. Kulongedza chikwama, ulendo wa kwawo.

Msuweni wake, mnyamata wa chaka chomaliza, anatulukira akutokosa m'mano.

"Yakupatsa zingati mfiti ija?"

"Palibe. Akundifuna."

"Ndiye kuti yasangalala. Usanjenjemere, mkazi wanga. Ndinakuuza ine."

"Mkazi wako ndani? Choka apa."

Kumuuza anamuuzadi. Ntchito inali yotenga ganizo lakale lija, loti chilengedwe chonse sichikanakhalapo popanda china chochiyambitsa. Uliyale m'mfundo zamanambala, kenako uliyeze ngati likulimba. Msuweniyo anati njira ndi yachidule. Mphunzitsiyo sapemphera, aliyense akudziwa. Menya Mulungu, ukhoza. Chitsirizira amaimba kwaya kutchalitchi. Komabe analemba.

Mphunzitsiyo ankamutcha a Ndiyeno, chifukwa ndiwo mawu amene ankalemba m'mbali mwa pepala lililonse. Ofesi yawo inali yopapatiza. Fani yakufa pakona, mapepala mpaka pawindo, bolodi loyera kukhoma. Mpando wa alendo unali wodzaza mabuku, ndipo sanawachotse.

"Imani pomwepo, mayi. Ndikuwerengereni nzeru zanu." Anakweza pepala ndi zala ziwiri, ngati nsanza yonyowa. "Mfundo yoyamba: chilichonse chili ndi chochiyambitsa. Yachiwiri: chilengedwe nachonso ndi chinthu. Choncho chilengedwe chili ndi chochiyambitsa, ndiye Mulungu. Kenako masamba anayi a funso limodzi. Ngati chilichonse chili ndi chochiyambitsa, nanga Mulungu anamuyambitsa ndani? Mwamaliza. Mwapambana. Tiombe m'manja?"

A Ndiyeno anagogoda pepalalo ndi chala.

"Mfundo yoyambayi munaitenga kuti?"

"M'mabuku, aphunzitsi."

"Buku liti? Tsamba liti?"

Panja wina ankalimbana ndi galimoto yokana kulira.

"Amene amaikira kumbuyo ganizoli sanena zimenezi. Si opusa. Inu munawaika mawu anu m'kamwa, kenako n'kuwamenya pakamwa pomwepo. Kumeneko si kuyeza ganizo. Ndi miseche."

Mawu anatuluka Chitsirizira asanawagwire.

"Ndimayesa ndi zimene mumafuna."

"Ine?"

"Koleji yonse ikudziwa kuti simupemphera."

A Ndiyeno anavula magalasi pang'onopang'ono. Anawaika patebulo.

"Oo. Ndiye munandiphikira zimene ndimakonda. Munandiona ngati galu, woti mukamuponyera fupa akugwedezerani mchira." Anatola cholembera cha pabolodi n'kumuponyera. Chinagwa pansi. "Zoti ndimapemphera kapena ayi sizili pa mayeso. Malikisi ndikupereka ndisanaweruke. Limangeninso ganizolo apo, momwe eniake angalivomerezere. Mukalephera, mukatsanzike anzanu."

Chitsirizira anachitola. Mtima unali utapsa, ndipo kupsako kunamuthandiza. Mabukuwo anawawerengadi, asanamvere msuweni wake. Analemba:

1. Chilichonse chimene chinayamba kukhalapo chili ndi chochiyambitsa.

"Ndiyeno?"

2. Chilengedwe chonse chinayamba kukhalapo.

"Ndiyeno?"

3. Choncho chilengedwe chonse chili ndi chochiyambitsa.

"Yachitatuyo ikutuluka mu ziwirizo?"

"Ikutuluka. Ngati ziwirizo ndi zoona, yachitatu singakhale yabodza."

"Nanga funso lanu lotchuka lija?"

Anayang'ana mzere woyamba. "Lafa. Iwo amati Mulungu sanayambe kukhalapo. Mfundo yoyamba sikumukhudza."

"Masamba anayi m'manda. Pepani ndi maliro. Ndiye mwagonja? Ganizoli ndi lolimba, Mulungu alipo, tizipita?"

Mtima wake unkafuna kuvomera. Dzanja linapita lokha kumapeto kwa mzere wachitatu, n'kulemba M wamkulu. Anaima. Anayang'ana mzere woyamba, anayang'ana wachiwiri. Kenako anafufuta M uja ndi chala.

"Mwafufutiranji? Mukuopa ine?"

"Sindikukuopani. Dzinalo mulibe mu mfundo ziwirizo. Chimene sichinalowe pamwamba sichingatulukire pansi. Zangotipatsa chochiyambitsa. Kuti ndi chimodzi, kuti chimadziwa, kuti ndi chabwino, zimenezo zikufuna mfundo zina."

Zinamupweteka kunena. Chala chinali chitada ndi inki.

"Zimenezo ngakhale wa chaka choyamba amaziona," anatero a Ndiyeno, akuyang'ana wotchi. "Kamangidwe kali bwino, mwavomera nokha. Ndiye amene akukana yachitatu ayenera kugwira imodzi mwa ziwirizo. Iti? Kapena mukudikira kuti nkhope yanga ikuuzeni?"

Sanawayang'ane. Maso ake anali patebulo lawo, lathabwa, long'aluka pakona.

"Yoyamba."

"Ndiyeno?"

"Timaikhulupirira chifukwa cha zimene taona. Tebulo ili linayamba kukhalapo, ndipo kalipentala alipo. Koma matabwa analipo kale. Mtengo unalipo. Zonse zimene taziona zikuyamba zimachokera ku zina zimene zinalipo. Chilengedwe cha mu mfundo yachiwiri sichili choncho. Chisanayambe kunalibe matabwa, kunalibe malo. Chiyambi chotere palibe anachionapo. Umboni wa matebulo sukufika kumeneko."

"Ndiye mfundo yoyamba ndi yabodza. Lembani."

Anatsala pang'ono kulemba. Anaona kamwa lawo likukonzekera kuseka.

"Ayi. Sindinati ndi yabodza. Ndati umboni umenewo sukukwana."

"Hm. Eniake angakuyankheni chiyani?"

"Angati sakudalira matebulo okha. Angati popanda kanthu sipangatuluke kanthu. Zikanatheka, bwenzi zinthu zikungotumphuka paliponse, mbuzi mu ofesi muno."

"Ilimo kale. Inu muwayankha chiyani?"

Yankho lokongola analibe. Lonama akanatha kulipeka, ndipo a Ndiyeno ankalidikira ngati mphaka pa una.

"Sindinapeze yankho. Pamenepo andigwira. Ndilemba kuti andigwira."

A Ndiyeno anavala magalasi. Anakoka chimangirizo chija, n'kudula masamba anayi aja ndi mzere umodzi wofiira, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pepala linang'ambika pang'ono.

"Pitani ku laibulale. Zimene zili pabolodizi zikhale papepala ndisanatseke chitseko ichi. Ndikupatsani malikisi otsikitsitsa okhozera. Osaposa. Ulesi ndikanaukhululukira. Kundinyengerera ayi."

Chitsirizira akhala pa koleji. Chikwama chikhala pansi pa bedi. Koma zikomo anakana kutuluka pakhosi.

"Ndamva, aphunzitsi."

"Ndipo chaka chamawa kalasi yanga musadzaitenge."

Chitsirizira anaika cholembera patebulo, osati m'manja mwawo. Anatulutsa foni n'kujambula bolodi.

"Ngakhale mutandigwadira," anatero, n'kuthamangira ku laibulale.