Chigawo Chachinayi cha Felicia

Felicia ndi mwana wamakani, nonse a ku Naperi mukumudziwa. Akuchita digiri yachiwiri ya saikoloje, ndipo chimwalirire amayi ake chaka chatha, bambo ake a Ackim sanapondenso kutchalitchi. Munthu amene ankagwedeza mabenchi ndi mawu ake a besi poimba, lero amangokhala pakhonde kuyang'ana mpanda. Felicia ankawasowa koopsa, chonsecho akugona nyumba imodzi.

Lamlungu lililonse ankawasitira jekete n'kuyamba ulaliki. "Adadi, kafukufuku akuti opita kutchalitchi savutika maganizo kwambiri. Tiyeni!" Iwo osadzuka n'komwe pampando.

Tsiku lina anatengera aphunzitsi ake, a Dokotala Rukhsana, ndondomeko ya mutu wounika zimene ena analemba kale pa chipembedzo ndi umoyo wa maganizo. Anakumana ku ofesi yawo ku Limbe. Zigawo zinali zitatu: tanthauzo la kupembedza ndi mmene amakuyezera, umboni woti opembedza amakhala ndi mtendere, ndiyeno zifukwa zake, monga abale a mumpingo, chiyembekezo ndi pemphero.

A Dokotala anawerenga, n'kuvula magalasi.

"Zaudongo ndithu. Koma akafukufuku akowa anawafunsa kangati anthuwo?"

"Ambiri kamodzi."

"Ndiye wadziwa bwanji chimene chinayamba? Mwina kujomba kutchalitchi sikumene kunawadwalitsa. Mwina anayamba n'kudwala, mwendo n'kulemera. Onjezera chigawo cha amene anatsata anthu omwewo kwa zaka, uone kuti zimapita mbali zonse ziwiri. Uikemonso za anthu amene amaona ngati Mulungu wawataya. Amenewo kuwakankhira kuguwa sikuwachiritsa."

Felicia, amene sasowa choyankha, anangoti "chabwino", n'kukakwera minibasi. Kondakitala anakuwa "Naperi!" mpaka kawiri iye asanamve.

Lamlungu jekete sanaikhudze. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bambo ake. Belu la tchalitchi linalira kutsidyako, anthu ovala bwino akudutsa pamsewu.

"Suchedwa iwe?" anafunsa a Ackim.

"Lero sindipita. Ndakusowani, adadi."

Nyimbo yoyamba inayamba kumveka patali. A Ackim anapukusa mutu.

"Ukuganiza kuti sindifuna? Ndimafuna, mwana wanga. Ndinapitako kamodzi, iwe uli kusukulu. Ndinafika pakhomo penipeni, n'kuona amayi a Mvano atavala zoyera zawo pa benchi ija. Pamalo pa amayi ako panali patakhala munthu wina. Atayamba kuimba, ndinatsekula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinati Mulungu wandilanda mkazi, wandilandanso mawu."

Mayo ine, chaka chonse mwana akusita jekete, osafunsa! Felicia anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mawa tipite kuchipatala, mukacheze ndi aphungu. Ndikuperekezani."

"Tiona," anatero a Ackim.

Nyimbo ija inafika pamene besi imalowera. Felicia anatchera khutu, osapuma n'komwe. Milomo ya bambo ake inagwedera pang'ono, koma Felicia sanamve kanthu.