Lintala ya Khonde la Abambo

Abambo anga, a Zakaria, anamanga nyumba za eni ake zaka makumi anayi mu Harare muno, koma yawoyawo anamanga imodzi yokha, ku Hopley, ndipo sinakhalitse. Itatha zaka zisanu ndi chimodzi kunabwera anthu a mapepala ndi katapila wogumulira nyumba, nkunena kuti malowo anagulitsidwa mwachinyengo. Pofika masana khonde lija ankalinyadira linali mulu wa njerwa. Chaka chotsatira shuga inawadya maso, ndipo anasamukira kwa achemwali anga a Lidia ku Highfield. Kumeneko mutu nawo unayamba kuwathawa pang'onopang'ono. Lero aiwala kuti adya, mawa afunsa za amayi amene tinawaika kalekale.

Nyumba yokhayo ndi imene sankaiiwala. Ankaitchula chipinda ndi chipinda, mpaka muyeso wa mazenera.

Ine ndine Febbie, chitsirizira, amene abambo sanandiyamikirepo kanthu chibadwire. Sindikunena mokokomeza. Ndikasesa ankapeza fumbi pakona, ndikakhoza mayeso ankafunsa za funso limene ndinalakwa. Ndimagwira ntchito pa kashopu ka Tanyaradzwa ku Machipisa, komwe tili ndi pulinta ya 3D. Makinawa amasungunula ulusi wa pulasitiki nkumauyala mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthu chitaima. Timapangira anthu zogwirira za mafiriji, magiya a mabulenda, tizinthu tosowa m'masitolo. Tsiku lina ndinaganiza zowapangira abambo nyumba yawo ija, yaing'ono yokwana m'manja awiri, kuti aziiona ndi zala mutu usanatheretu.

Ndinaijambula pa kompyuta kuchokera pa zithunzi za mufoni. Denga ndinalipanga padera, makoma ndi khonde pamodzi. Inatenga maola asanu ndi anayi. Loweruka ndinaikulunga m'thawulo nkupita nayo.

Abambo anaiika pamiyendo. Zala zawo zinayenda pa makoma, zinawerenga mazenera, nkhope nkuyamba kumasuka. Kenako chala chinalowa pansi pa lintala ya khonde, mtanda uja umagona pamwamba pa zipilala, ndipo chinaima.

"Ichi nchiyani, Febbie?"

"Lintala, bambo."

"Lintala yamimba? Ikulendewera ngati chingwe choyanikapo zovala. Ine ndinamangapo zotere? Levulo mulibe kushopu kwanuko?"

Anandibwezera nyumbayo osatembenuka nkomwe. A Lidia anayesa kuseka kuti zipepuke. Ine ndinapsa mtima mpaka m'makutu, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti pakhomopo sindipondanso mpaka lintalayo itawongoka.

Choipa nchakuti sananame. Pakati pa chipilala ndi chipilala panali mpata wa masentimita asanu ndi limodzi, ndipo pamenepo pulinta imayenera kuyala pulasitiki m'malere, popanda chomugwira pansi. Ifeyo timati buliji. Kamlomo ka makina kamamata ulusi wotentha pa chipilala chimodzi, nkuukoka mpaka pa chinacho. Ukazizira msanga uli chikokere umakhala wowongoka. Ukachedwa umagwa pakati. Wangawo unagwa, tina timaulusi tikulendewera ngati ndevu za chimanga.

Tanyaradzwa anati, "Sha, ingoika masapoti, uzichotsa pambuyo. Ukuvutikiranji?"

Masapoti ndi timizati tosakhalitsa timene makina amamanga pansi pa mpata, iwe nkudzatithyola. Koma timasiya zipsera. Munthu wamaso sangazisamale, koma abambo anali atasanduka zala zokhazokha, ndipo pansi pa lintala ndi pomwe chala chawo chikanayambira. Ndinakana.

Ndinajambula kachinthu koyesera, zipilala ziwiri ndi mtanda, kotha mphindi khumi. Ndinkasintha chinthu chimodzi pa ulendo, chifukwa ukasintha zitatu nthawi imodzi sudziwa chimene chakuthandiza. Ndinayamba ndi kafani, kamene kamauzira mphepo pa pulasitiki akangotuluka. Kanali pa 60, ndinakakweza mpaka 100. Mimba inachepa koma sinathe.

Kenako liwiro. Nzeru zanga zinati chinthu chovuta umachichita pang'onopang'ono, ndiye ndinatsitsa mpaka mamilimita khumi pa sekondi. Zinanyanya. Kamlomo kotentha kankachedwa pamalo amodzi, ulusi osakokeka, nkumangodzigwera. Mwaukali ndinakweza mpaka 80. Apo ulusi wina unaduka pakati, wina sunagwire nkomwe pa chipilala, unangokokedwa nkupiringizika. Pa 30 ndi pomwe unayamba kugona bwino.

Zonsezi zikumveka ngati za tsiku limodzi, koma magetsi athu mukuwadziwa. Masiku ena ankabwera maola awiri, ndipo m'maola awiriwo munali magiya a makasitomala oyembekeza. Sabata inatha ndili pa tizipilala. Lachitatu a Lidia anaimba foni.

"Febbie, ubwere udzawaone baba. Dzulo anandiitana dzina la amayi."

"Ndibwera, sisi. Ndatsala pang'ono."

"Pang'ono chiyani? Akufuna iweyo, osati chidole."

"Akanafuna ine akanandiuza kalekale."

Ndinadula foni. Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndipo amandichititsa manyazi.

Chotsatira chinali fulo, kutanthauza kuchuluka kwa pulasitiki amene makina amatulutsa. Pa buliji, ulusi wonenepa umalemera ndipo umachedwa kuzizira. Ukauchepetsa pang'ono umakokeka, nkukungika. Ndinatsitsa kuchoka pa 100 kufika pa 80, ndipo timaulusi tinaonda mpaka tinasiyana, pakati pakuoneka mipata, tina nkuduka. Ndinabwerera pa 95, kenako 92. Pa 92 kanatuluka kamtanda kosalala kotero kuti ndinakayendetsa pa tsaya. Ndinatsitsanso kutentha kwa kamlomo kuchoka pa 215 kufika pa 200 kuti pulasitiki asamatuluke wamadzimadzi.

Lachisanu magetsi anakhalitsa, ndinayambitsa nyumba yonse m'mawa. Lintala imabwera kumapeto, makoma atakwera, ndiye inafika cha m'ma 2 koloko masana. Ndinasuzumira. Inagwanso. Osati ngati poyamba, koma chala chikanaimva.

Ndinakhala pasimenti nkulira, Tanyaradzwa akundiyang'ana ngati ndapenga. Manambala anali omwewo, pulasitiki yemweyo. Ndiye chalakwika nchiyani?

Anazindikira ndi Tanyaradzwa. Analowetsa dzanja m'katoni imene inavundikira pulinta nkulitulutsa msanga.

"Febbie, muno ndi mu uvuni, sha."

Pa Machipisa fumbi silichita kuitanidwa, makombi, maminibasi athu aja, akangodutsa limalowa mpaka m'mano. Ndiye ntchito ikakhala yaitali tinkavundikira pulinta ndi katoni ya firiji, titaiboola kawindo kamodzi. Toyesera tanga ta mphindi khumi tija ndinkapanga katoni ili pambali. Nyumba yeniyeni inali itakhala maola asanu ndi awiri m'katoni, mu Okutobala, pansi pa malata. Fani inkazungulira ndithu pa 100, koma inkauzira mphepo yotentha pa pulasitiki wotentha. Tinkati tikusamala makina, chonsecho tikuphika ntchito yathu.

Ndinataya katoniyo kuseri. Tinathira madzi pakhomo kuti fumbi ligone, ndinapukuta mapiko a fani ndi kaburashi, ndipo ndinadikira tsiku lamagetsi. Linabwera Lachiwiri. Ndinaima pafupi nthawi ya lintala itakwana, mtima uli m'mwamba. Kamlomo kanamata ulusi pa chipilala, kanawoloka, kanamata tsidya lina, kanabwerera. Mzere uliwonse unagona pambali pa unzake, wowongoka, osagwedera. Mizere ya pamwamba itayalidwa ndinaika rula pansi pake, ndipo kuwala sikunadutse.

Anali atapita masiku khumi ndi asanu ndi awiri chichokereni pakhomo paja.

A Lidia ananditsegulira osandipatsa moni. Anali ataonda. Anati abambo anagwa m'bafa Lamlungu, ndipo chigwereni sakulankhula zomveka kawirikawiri. Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anandiyang'ana nkunena kuti anaimba kanayi. Zinali zoona. Ndinkaona dzina lawo pafoni nkumati ndiyankha ndikamaliza.

Abambo anali pampando pafupi ndi zenera, bulangeti pamiyendo ngakhale kunkatentha. Ndinagwada.

"Bambo, ndabwera. Ndine Febbie."

Ndinaika nyumba m'manja mwawo nkuwagwiritsa. Kwa nthawi zala zinangokhala. Kenako chala chachikulu chinayamba kuyenda, chinapeza ngodya, chinapeza zenera, china zenera. Milomo inkagwedera, ankawerenga. Atafika pa khonde anagwira chipilala choyamba, chachiwiri, ndipo chala chinalowa pansi pa lintala. Chinayenda kuchokera uku mpaka uko. Chinabwerera. Chinapitanso kachitatu, pang'onopang'ono.

"Khonde langa ili," anatero, mawu akumveka bwinobwino. "La ku Hopley."

A Lidia anagwira pakamwa.

"Wapanga ndani?"

"Febbie, baba," anatero a Lidia. "Mwana wanu. Ali pompano, wagwada apa."

Anatembenuzira nkhope kumene kunali ine, mwaulemu, ngati mmene ankachitira ndi alendo a kutchalitchi.

"Pepani mayi, sindikukudziwani. Koma amene wapanga ichi ndi mmisiri. Lintala iyi yagona pa levulo, ndafufuza paliponse sindinapeze polakwika. Inu mumamudziwa?"

Ndinadikira zaka makumi atatu ndi ziwiri kuti ndimve mawu amenewo, ndipo anabwera ngati uthenga wokapereka kwa munthu wina.

"Ndimamudziwa, bambo."

"Mukamuuze kuti Zakaria wati dzanja lake ndi labwino. Musaiwale."

"Ndikamuuza," ndinatero.