Dzina la Alamu M'kalata

Iness wa ku Engutwini anali atatopa nako kulemba makalata ofunsira ntchito. Chaka chonse ankangowasiya m'masitolo a pa Mzimba Boma, yankho osabwera. Choncho atamva kuti pa sitolo ina ya mbewu ndi feteleza akufuna woyeza katundu pa sikelo, anati ulendo uno atsamira munthu. Pamzere woyamba penipeni analemba kuti ntchitoyo anaimva kwa a Mcdonald, dalaivala wa pasitolopo, amuna a mkulu wake. Sanawauze eni dzinawo. Ankati pachibale palibe kupempha.

Anamuitanadi. Mayi Sakina, oyang'anira sitoloyo, anawerenga kalatayo, kenaka anasuzumira pazenera n'kuitana a Mcdonald, amene ankamanga lona pa lole.

"Mayi awa akuti mwawatuma ndinu."

A Mcdonald anavula chipewa, nkhope itagwa. "Ndi alamu anga, zoona. Koma zoti alemba kalata ndikuzimvera pompano."

"Sikelo amaidziwa?"

"Mbwenu pamenepo ndinganame, Mayi. Sindinawaonepo akugwira ntchito."

Mayi Sakina anapinda kalatayo. "Chaka chatha, a Mcdonald, munatibweretsera mphwanu, anatithawa mvula itangogwa, anthu ali pamzere mpaka kumsewu. Sindikuti nanunso mungatero, a Iness. Koma mboni yanu yakana."

Anamufunsabe mafunso awiri atatu, mongokwaniritsa mwambo. Panja, a Mcdonald analankhula motsitsa mawu: "Alamu, mwandivula. Mukadandifunsa, ndikadakuuzani kuti dzina langa pano silikugula kanthu."

Iness anakakhala pakhonde la sitolo yoyandikana. Ali pomwepo anatulukira Keziya, wosunga katundu m'sitolo ya mbewu ija, amene anagwira naye ntchito yogula chimanga pa Jenda zaka ziwiri.

"Ndamva zonse. Bwanji sunatchule ine? Ndinakuona ndi maso angawa ukuyeza matumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, alimi osadandaula."

"Ndimati dzina la munthu wamkulu, wokhalitsa pantchito, ndiye lolemera."

"Iwo safuna wamkulu. Amafuna woti akamufunsa za iwe ayankhe."

Malo a ntchito aja anatenga wina. Miyezi inayi pambuyo pake, nthawi yokolola itayandikira, Keziya anaimba foni kuti kusitolo kuja akufuna anthu a ganyu ya miyezi itatu. Iness anayamba wafunsa ngati angamutchule, ndipo Keziya anavomera, nati akawauziratu Mayi Sakina. M'kalata yatsopanoyo Iness analemba kumene anadziwana ndi ntchito imene anagwira limodzi.

Anamulemba ganyuyo. "Yewo chomene," anatero Iness pothokoza, koma chimwemwe sichinabwere monga ankayembekezera. Inali miyezi itatu basi, ndipo a Mcdonald akamadutsa ndi lole ankangokweza dzanja, maso ali kumsewu.