Eventually wa Nickson

Imelo ija inabwera Lolemba m'mawa, ndipo anaitsegula ndi Peace, chifukwa mu ofesi ya a Mansoor, yonyamula alendo kukwera nawo phiri la Zomba, kompyuta inali yake. Iye ndiye anaphunzira Chifalansa ku koleji. Nickson anali wongoperekeza alendo, wodziwa mayina a mbalame ndi kuseketsa azungu pa damu la Mulunguzi, basi.

Wolemba anali Madame Roussel, mayi wa ku Lyon ku France amene kampani yake inkatumiza magulu a alendo ku Malawi. Analemba m'Chingerezi chake chotsimphina: "Actually we have a guide in Lilongwe. Eventually we take Nickson for all our groups."

Nickson anawerengera paphewa pa Peace, nkudumpha ngati wapondera khala.

"Asisi, mwaona? Eventually! Ndiye kuti zivute zitani, mapeto ake anditenga ine. Dziko lonse, mpaka ku Nyika!"

Nsanje inamugwira Peace. Ntchito imeneyo ankailota yekha chaka chonse, koma sanayerekeze kuipempha. Ndiye lero ipite kwa munthu amene Chifalansa chake chinkathera pa bonjour? Anawerenganso, ndipo mtima unayamba kutsika pang'onopang'ono. Mayiyu ankaganiza m'Chifalansa, Chingerezi ankangochivala pamwamba. Actually wakeyo sanali "kunena zoona" ayi, anali actuellement, kutanthauza "pakali pano": mpandowo unali ndi mwini wake. Eventually wakeyo anali éventuellement, amene kwa Mfalansa ndi "mwina, zikafunika". Mawu ofanana nkhope ngati mapasa, koma mitima yosiyana. Palibe chimene Nickson analonjezedwa.

Kumuuza kunali kosavuta. Peace anatsegula pakamwa, kenako anaona mano a Nickson onse ali pamtunda, nkutsekanso.

"Zabwino zonse, achimwene," anatero. Mumtima anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sabata imeneyo Nickson sanagwirike. Anagula mabulosi mbale yonse kwa anyamata a mumsewu wa kuphiri nkugawira aliyense, ngakhale odula mitengo amene ankangodutsa. Ku Chikanda, kumene onse awiri ankachita lendi, anthu anayamba kumutchula kuti a Eventually. Peace ankamva zonsezi akutunga madzi pampopi, nsanje ikumudya, nkumadzitonthoza kuti tsiku lake likubwera.

Lachisanu Nickson analowa kwa abwana atavala tayi.

"Bwana, ndikusiya ntchito. Mwandisunga bwino, koma mwayi sudikira."

A Mansoor anavula magalasi. "Nickson, kontirakiti waiona? Peace, iwe umawadziwa anthu awa. Nkhaniyi ndi yotsimikizika?"

"Alemba okha, bwana," anayankha Peace, maso ali pa kompyuta.

A Mansoor anangopukusa mutu. Pofika Loweruka anali atalemba kale mnyamata wina wa ku Songani.

Nickson anapempha Peace kuti amutumizire yankho. Anathokoza Madame ndi mawu ambirimbiri, nkuwauza kuti iye, bambo wa ana, wasiya kale ntchito ndipo akudikira tsiku loyamba. Peace anatayipa mosamala, osasintha ngakhale liwu limodzi, kenako anadina batani lotumizira.

Yankho linafika Lachiwiri masana, ulendo uno m'Chifalansa, lolembera Peace mwini. Nickson anali atabwera kudzamva, atakhala pabenchi ya alendo, chipewa chili pabondo. Peace anayamba kuwerenga chamumtima akumwetulira.

Madame anati achita manyazi kwambiri. Mwana wawo wawafotokozera kuti eventually si éventuellement. Iwo ankangotanthauza kuti mwina. Woperekeza alendo wa ku Lilongwe uja amaliza mu Disembala, ndipo kunena zoona maganizo awo anali pa Peace chifukwa cha Chifalansa, koma poona kuti sanapemphepo, anayesa kuti sakuifuna. Tsopano bambo wa ana wasiya ntchito chifukwa cha liwu lawo lolakwika, ndipo sangamusiye padzuwa. Amutenga Nickson, ayambe mwezi wamawa. Pamapeto anawonjezera kuti adabwa pang'ono kuti Peace, wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, sanauone msamphawo.

Kumwetulira kuja kunauma pankhope. Akanangonena Lolemba lija kuti mawuwo ndi "mwina", Nickson akanaseka nkubwerera kuphiri ndi alendo ake, ndipo mpando ukanadikira Disembala.

"Asisi, mwakhala chete bwanji?" anafunsa Nickson, akupotokola chipewa. "Akuti chiyani? Ine Chifalansa mukudziwa kale."

Mu ofesi monse munalibe wina woti amasulire. Peace anachotsa maso pa kompyuta nkumuyankha.

"Akuti muyambe mwezi wamawa."

"Ndinanena ine!" Nickson anaimirira nkumugwira manja onse awiri. "Eventually ndi eventually basi. Asisi, pakanapanda inu sindikanalimba mtima."