Rozi Wonunkha Tayala

Kukampani yopanga pafyumu ankangomutchula kuti Anamphuno, ndipo dzinalo silinkamunyansa. Ukamupatsa kapepala koviika m'mafuta, ankatsinzina, n'kukuuza kuti ndi lalanje, ndiponso kuti botolo lake wina analisiya osatseka bwino. Mafungo amene ankawadziwa pamtima anali mazanamazana.

Ndiye kunabwera chimfine. Anagona nacho masiku, n'kuchira, koma atabwerera kuntchito anapeza kuti timabotolo tonse ta pashelefu tasanduka madzi. Anatsegula ka bulugamu, kamene kamakwera mpaka mubongo. Zii. Anangokhala pampando.

Adokotala anati nthawi zambiri zimabwerera, koma tsiku sangalonjeze. Abwana anamumvera chisoni n'kumuika pa ntchito ya mapepala. Patatha miyezi fungo linayambadi kubwera, koma linabwera lopotoka. Duwa la rozi linkanunkha tayala lopsa. Khofi ankanunkha ngalande. Ngakhale khosi la amuna ake linkamuchititsa nseru, chinthu chimene sanayerekeze kuwauza.

Tsiku lina abwana anamuitanira mu ofesi.

“Mayi, sindikukuthamangitsani ayi. Koma makasitomala akufunsa, ndipo mpando wanu uja sungakhale wopanda munthu mpaka kalekale. Mwezi wamawa ukamatha tidzakuyesani monga timayesera aliyense, timapepala topanda dzina. Mukakhoza, mpando ndi wanu.”

“Nanga ndikalephera?”

Abwana anayang'ana pawindo.

Loweruka lake Anamphuno anakwera basi kupita kwa Aphunzitsi, mayi wokalamba amene anamuphunzitsa ntchitoyi asanapume. Anawapeza pakhonde akusoka batani. Anangoti akhale pansi, misozi n'kuyamba.

“Aphunzitsi, ndatha ine. Rozi akununkha tayala.”

“Pukuta kaye mamina, mphuno yonyowa siigwira ntchito,” anatero Aphunzitsi. “Tayalalo limanunkha tsiku lililonse, kapena limasinthasintha?”

“Tsiku lililonse.”

“Nanga jeraniyamu, m'bale wake wa rozi?”

“Nayenso tayala.” Anaganiza pang'ono. “Koma lonyowa. Ngati lazimitsidwa ndi madzi.”

“Ndiye ukulira chiyani? Akusiyana amenewo. Unkabwera kwa ine uli mtsikana unkati fungo la tsamba la patchuli ndi kabati ya malume ako. Kodi patchuli analidi kabati? Unangomumangirira pa chinthu choti usamuiwale. Zingwe zako zaduka, mwanawe. Manga zina.”

“Mafungo onse aja? M'mwezi umodzi?”

“M'mwezi umodzi ayi, ndisakunamize. Koma uyambe mawa.”

Anayambadi, monga mwana wa sukulu. Tebulo la pabalaza linadzaza timabotolo, mafuta alionse atasungunulidwa mu sipiriti, gawo limodzi pa magawo khumi, kuti asaphe mphuno. Ankayeserera m'mawa, asanadye kanthu, mphuno isanatope. Poyamba ankatenga mafungo otalikirana: ndimu, mkungudza, vanila, sinamoni, jasimini. Akawasiyanitsa, ankalowa m'banja limodzi, mmene muli ntchito yeniyeni: ndimu, lalanje, nachesi, begamoti, ana a mimba imodzi. Ankanunkhiza pang'onopang'ono, kawiri katatu, n'kuchotsa kapepalako. Mphuno ikachita dzanzi, ankanunkhiza mkono wa malaya ake kuti ipume. Masana ankabwereranso ku timapepala tomweto, chifukwa ndimu amathawa msanga pamene mkungudza umakakamira mpaka mawa, ndipo kuchedwa kwa fungo pakapepala nakonso kumaulula mwini wake.

Woviika timapepala anali amuna ake, munthu wokonza mafiriji amene mafungo ankawagawa pawiri basi: onunkhira ndi onunkha. Ankalemba dzina kunsonga youma, n'kuibisa ndi chala.

“Aka?”

“Chitsulo cha dzimbiri. Begamoti.”

“Mwalasa, mayi! Aka?”

“Tayala lonyowa. Jeraniyamu.”

“Ayi.”

“Ndipatseninso.”

“Ndi rozi ameneyu.”

“Mwagunditsa timapepala inu! Ndinakuuzani kuti tisamakhudzane!”

“Sindinagunditse, mayi.”

Anadziwa kuti akunena zoona. Anasesa timapepala tonse ndi dzanja, n'kukadzitsekera kubafa. Atatuluka anapeza bamboyo atagwada akutola kamodzikamodzi, atakagwira kunsonga youma monga anawaphunzitsira.

Zina zinkagwira, zina zinkakana. Choopsa chinali chakuti mphuno inkachira pang'onopang'ono, ndipo ikachira mafungo ankasinthanso. Sinamoni amene anamuloweza sabata yatha ngati phulusa, sabata ino ankabwera ngati sopo. Ankamanga chingwe lero, mkucha chaduka. Mafungo a maluwa oyera, jasimini ndi anzake, onse ankangonunkha chinthu chimodzi chowola, ndipo akalimbikira ankasanza. Anaonda, poti chakudya nachonso chinkanunkha. Mlamu wake anabwera kudzamuona n'kunena kuti, “Bola muli moyo, mlamu, ena amaduka mwendo.” Anamuyankha mwaulemu, koma mumtima ankati mwendowo akanaupereka.

Tsiku la mayeso linafika. M'chipinda choyesera munalibe fungo lililonse, kapena mwina linalimo, iye sakanadziwa. Abwana anakhala kutsidya kwa tebulo n'kumamupatsa timapepala kamodzikamodzi.

Banja la ndimu analidutsa bwino. Mitengo anailasa yonse, mpaka vetiva, muzu wa udzu wonunkhira ngati mtengo. Pa zokometsera anaphonya ziwiri. Kenako kunabwera maluwa.

Ananunkhiza. Chowola chija. Anadikira, n'kununkhiza malaya, n'kuyesanso.

“Jasimini.”

Abwana anangomupatsa kena. Chowola chomwecho.

“Jasimini,” anateronso, mawu akuzilala.

Kachitatu anakanunkhiza kamodzi kokha. Anakaika pansi bwinobwino.

“Sindikutha kuwasiyanitsa, bwana. Ndikhoza kungolota, koma pafyumu wa munthu sapangidwa ndi maloto.”

Abwana anapukuta magalasi nthawi yaitali.

“Mwachita zoposa zimene ndimayembekezera, mayi. Koma theka la zimene timagulitsa ndi maluwa. Mpando uja ndiupereka kwa wina.”

Anamphuno anavomera ndi mutu. Ankafuna kupempha mwezi wina umodzi, kugwada ngati n'kotheka, koma anadziletsa.

“Mafuta a ndimu ndi a mitengo akamafika, muziwayesa ndinu,” anapitiriza abwana. “Za maluwa tidzaonanso chaka chamawa. Sindikulonjeza.”

Anatuluka n'kuyenda wapansi, basi ikumudutsa. Pafupi ndi kwawo anaimbira Aphunzitsi.

“Ndalephera.”

“Wagwa pati?”

“Maluwa oyera.”

“Ine omwewo anandisautsa zaka ziwiri, mphuno ili bwinobwino. Usawaunjike pamodzi. Tenga jasimini yekha, umusungunule kwambiri, umuike pakati pa ndimu ndi mkungudza. Anzakewo adikire.”

“Nanga akapanda kubwera, Aphunzitsi? Mpaka kufa?”



“Zimachitika,” anatero mayi wokalambayo. “Sindikuuza kuti sizichitika.”

Kunyumba anapeza amuna ake atachotsa timabotolo patebulo, atatilongedza m'katoni kuti asamatione. Anaima pakhomo, chikwama chili paphewa, akuyang'ana tebulo loyeralo.

“Ndimati mupumeko, mayi,” anatero bamboyo mwamantha.

“Bwezeranipo. Koma a maluwa muwasiye momwemo, mungotulutsa jasimini.”

Bamboyo anagwada pakatoni n'kuyamba kuwerenga mayina movutikira, botolo lililonse akulitembenuzira kuwindo.